Kuchenjeza makasitomala za akaunti yabodza imene ikuba m'dzina la bizinesi yanu

Nyengo yogula feteleza ikayandikira, komanso alimi akangolandira ndalama za fodya, soya ndi mtedza, funso limodzi limandipeza mobwerezabwereza kuchokera kwa eni masitolo a pa boma la Kasungu, ku Santhe, ku Chinkhoma ndi ku Nkhamenya: "Wina watsegula tsamba la Facebook m'dzina la sitolo yanga ndipo akulandira ndalama kwa anthu, ndilembe chiyani?" Popeza yankho lake silisintha, ndaona kuti ndi bwino ndililembe kamodzi, kuti aliyense amene zamugwera azingowerenga n'kutsatira.

Chitsanzo chimene nditsatire ndi cha sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi. Tiyerekeze kuti munthu wina wakopera zithunzi za sitoloyo, watenga dzina lake ndi chizindikiro chake, ndipo akulengeza kuti feteleza wa NPK ndi Urea watsika mtengo, koma aliyense womufuna atumiziretu dipoziti ya K50,000 pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti amusungire matumba. Dipoziti ndi ndalama imene munthu amalipiriratu katundu asanamufike, ndipo ndi pa ndalama imeneyi pamene chinyengo chonse chagona. Mwini sitolo akamva, nthawi zambiri amalemba ali wokwiya, m'zilembo zikuluzikulu, n'kutemberera akubawo. Uthenga wotere umaonetsa kuti mwakwiya, koma mlimi wa ku Chatoloma amene waona masamba awiri a dzina limodzi amakhala asakudziwabe kuti lenileni ndi liti. Ntchito ya chenjezo ndi kumupatsa munthu ameneyu njira yosiyanitsira, ndipo masitepe onse ali m'munsiwa akulunjika pamenepo.

1. Tsimikizani kaye chimene chachitika.

Pali mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti wina watsegula tsamba lake n'kulipatsa dzina lanu, pamene tsamba lanu likadali m'manja mwanu. Lachiwiri ndi lakuti akaunti yanu yeniyeni yabedwa, ndipo wakubayo akulankhula ndi makasitomala kudzera pa nambala yanu ya WhatsApp kapena pa tsamba lanu lomwe. Malangizo ano ndi a vuto loyamba. Ngati simukutha kulowa mu akaunti yanu, kapena mukuona mauthenga amene simunalembe, vuto lanu ndi lachiwiri, ndipo kuuza anthu kuti "khulupirirani tsamba lathu lokha" kungakhale kuwapereka m'manja mwa wakuba.

Kuti muone tsamba lonamiziralo, gwiritsani ntchito foni ya munthu wina, chifukwa anthu achinyengowa amakonda kubuloka mwini bizinesi, kutanthauza kumutsekera kuti asaone tsamba lawo akalifufuza. Mukalipeza, onani gawo lotchedwa `Page transparency`, limene limasonyeza tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndiponso ngati linasinthapo dzina. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi la masabata ochepa chabe, kapena kuti kale linali ndi dzina lina losagwirizana n'komwe ndi zaulimi. Onaninso kalembedwe ka dzina lake pa linki: ngati lanu ndi `dzinalasitolo`, lawo likhoza kukhala `dzinalasitolo.mw` kapena `dzina1asitolo`, pamene aika nambala 1 m'malo mwa chilembo l.

2. Sungani umboni musanalankhule chilichonse.

Wakuba akangodziwa kuti mwamuzindikira, amafufuta zolemba zake kapena kusintha dzina la tsamba, choncho jambulani zonse asanatero. Tengani sikirinishoti ya tsamba, ya malonda abodzawo, ya nambala imene akulandirira ndalama, ndipo koperani linki ya tsambalo n'kuisunga. Pemphani kasitomala amene anaberedwa akutumizireni zokambirana zawo zonse pamodzi ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, umene umakhala ndi nambala ya ntchitoyo, tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Musalembere wakubayo uthenga womuopseza. Sabweza kanthu chifukwa cha kuopsezedwa, ndipo mumangomuthandiza kubisa mapazi.

3. Sankhani chizindikiro chimene wakuba sangathe kukopera.

Sitepe iyi ndi imene ambiri amaidumpha, chikhalirecho ndi imene imapereka mphamvu ku chenjezo lonse. Chilichonse chimene chili pa tsamba lanu chimakopereka: zithunzi, chizindikiro cha sitolo, kalembedwe kanu, ngakhale chenjezo lenilenilo. Zimachitika ndithu kuti mwini bizinesi alemba kuti "chenjerani ndi masamba abodza, tsamba lathu ndi lino lokha", ndipo pasanathe tsiku tsamba labodza laika mawu omwewo. Zikatero kasitomala amaona masamba awiri, lililonse likunena kuti linzake ndiye labodza. Choncho mawu akuti "tsamba lino" paokha sathandiza kanthu, chifukwa amakhala oona kapena abodza malinga ndi pamene munthu akuwawerengera.

Chimene mukufuna ndi chinthu chimene kasitomala angachione ndi maso ake kunja kwa tsambalo. Choyamba ndi dzina limene limatuluka pa foni munthu akamatumiza ndalama. Akalowa pa `*211#` ya Airtel Money kapena pa `*444#` ya Mpamba n'kulemba nambala, dzina la mwini nambalayo limaoneka asanatsimikize. Wakuba akhoza kulemba dzina lanu pa tsamba lake, koma n'kovuta kuti dzina lanu lituluke pa nambala yake, popeza simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Chachiwiri ndi nambala yolembedwa pa chikwangwani cha sitolo ndi pa malisiti anu, imene munthu angaiwerenge yekha kapena kutuma m'bale wake amene ali pa boma kuti akaione. Chachitatu, chimene ine ndimachiona kuti n'champhamvu kuposa zonsezi, ndi lamulo la sitolo lomveka bwino, monga lakuti simulandira dipoziti kudzera m'mauthenga a Facebook. Lamulo lotere wakuba sangalikopere popanda kudziphera yekha malonda.

Apa pali chinthu chowawa chimene muyenera kuchivomereza. Ngati inuyo mumalandira ndalama pa nambala zambiri, lero ya inu, mawa ya mayi a kunyumba, mkuja ya mnyamata wa m'sitolo, ndiye kuti mwawazoloweretsa kale makasitomala kutumiza ndalama ku dzina lililonse limene auzidwa. Musanalembe chenjezo, sankhani nambala imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya Mpamba, kapena nambala ya bizinesi yolipirira katundu ngati muli nayo, ndipo muuze onse ogwira ntchito kuti zina zonse zasiya kugwiritsidwa ntchito. Lamulo limene mulengeze likhalenso loti mulisunga: musalembe kuti simulandira dipoziti ngati mawa mudzailandira kwa kasitomala wozolowerana naye.

4. Lembani uthengawo modekha, m'ndondomeko yoyenera.

Uthenga wabwino umayankha mafunso anayi motsatizana: chachitika n'chiyani, munthu angadziwe bwanji kuti akulankhula ndi inu, ndi ziti zimene inu simuchita, ndipo amene watumiza kale ndalama achite chiyani. Ukhale waufupi woti munthu auwerenge pa foni yaing'ono popanda kutopa, ndipo mfundo yaikulu ikhale m'mizere iwiri yoyambirira, chifukwa Facebook imadula uthenga wautali ndipo ambiri sadina kuti aone zotsala. Nachi chitsanzo cha sitolo yathu ija:

"Chidziwitso kwa makasitomala athu, 14 Okutobala. Pali tsamba la Facebook limene likugwiritsa ntchito dzina lathu ndi zithunzi zathu, ndipo likuitanitsa dipoziti ya feteleza. Tsamba limenelo si lathu. Ife sitilandira dipoziti kudzera m'mauthenga a Facebook, ndipo sitifunsa PIN yanu kapena nambala yachinsinsi imene yabwera pa foni yanu. Timalandira ndalama pa nambala ziwiri zokha, zimene zalembedwanso pa chikwangwani cha sitolo yathu pa boma la Kasungu, ndipo mukamatumiza muone kuti dzina lotuluka ndi lakutilakuti. Likatuluka dzina lina, musatsimikize, tiimbireni kaye. Ngati mwatumiza kale ndalama ku tsambalo, sungani uthenga wotsimikiza, imbirani kampani ya foni yanu msanga, ndipo mutidziwitse kuti tikuthandizeni kukanena ku polisi. Sitolo ndi yotsegula monga mwa nthawi zonse."

Pamene palembedwa "lakutilakuti" muikepo dzina lenileni monga limatulukira pa foni, chilembo ndi chilembo, ndipo nambala ziwirizo muzilembe zonse. Musanafalitse, yesani kudzitumizira ndalama pang'ono kuchokera pa foni ya wina kuti muone kalembedwe ka dzinalo, chifukwa nthawi zina limayamba ndi dzina la bambo, kapena limakhala la munthu osati la sitolo. Ngati ndi la munthu, nenani choncho mosabisa, kuopa kuti kasitomala angakukayikireni inu nomwe.

Onani kuti tsiku lili pamwamba. Uthenga wopanda tsiku umazungulira m'magulu a WhatsApp kwa miyezi, ndipo chaka chamawa anthu amadzauona ngati nkhani yatsopano. Onaninso chiganizo chomaliza, chonena kuti sitolo ndi yotsegula. Anthu ambiri sawerenga uthenga wonse. Amangogwira mawu awiri, dzina la sitolo yanu ndi mawu akuti "akuba", ndipo nkhani ikamafika ku Mtunthama imakhala yasanduka yakuti sitolo yakutiyakuti ikubera anthu. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mutu ukhale "Chidziwitso" osati "Akuba! Akuba!", ndiponso kuti dzina lanu lisayandikane ndi mawu a umbava m'chiganizo chimodzi. Mawu akuti "tsamba limenelo si lathu" ndi okwanira.

Pali zinthu zingapo zoti musaike mu uthengawo, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Musaike linki ya tsamba labodza, chifukwa mukutumizako anthu amene sanalione, ndipo ena akakopeka ndi mtengo wotsikawo. Ngati mukufuna kuonetsa chithunzi chake, lembani mawu akuti "LABODZA" mopingasa pa chithunzicho, pakati penipeni, kuti wina akachitumiza popanda mawu anu chisaoneke ngati malonda. Nambala ya wakuba musailembe yonse pafupi ndi yanu, popeza munthu wofulumira akhoza kukopera yolakwika; ngati n'kofunika kuitchula, tchulani manambala atatu omalizira okha.

Musatchule dzina la munthu kuti ndiye wakuba, ngakhale mutaliona pa uthenga wa ndalama. Anthu achinyengo amagwiritsa ntchito ma simu olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ndipo dzina limene mwaliona likhoza kukhala la gogo wina wakumudzi amene sadziwa n'komwe kuti Facebook n'chiyani. Mukafalitsa dzina lake ndi chithunzi chake, mwaika moyo wake pachiswe, ndipo inuyo mukhoza kuyankha mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Chimodzimodzinso musaloze chala wantchito amene munamuchotsa kapena mnzanu wa sitolo yoyandikana nayo. Maganizo amenewo akaperekedwe ku polisi, osati pa tsamba.

Pomaliza, musanyoze amene anaberedwa. Mawu ngati "anthu inu mumakonda zotchipa" kapena "tinanena kale" amachititsa manyazi, ndipo munthu wamanyazi sabwera kudzanena, pamene inu mukufuna kuti abwere ndi umboni. Chenjezo lanulo lilembeni m'Chichewa choyamba, ndipo ngati muli ndi makasitomala a kumpoto kwa boma lino amene amalankhula Chitumbuka, pezani wodziwa bwino chiyankhulocho akulembereni uthenga womwewo osasintha nambala kapena dzina.

5. Falitsani kumene anthu oberedwawo ali.

Amene akutsatira tsamba labodza nthawi zambiri satsatira lanu, choncho kulemba pa tsamba lanu lokha n'kulankhula ndi anthu amene ndi otetezeka kale. Yambani ndi tsamba lanu, ndipo mukhomere uthengawo pamwamba pogwiritsa ntchito `Pin post` kuti usakwiririke ndi malonda atsopano. Kenako uikeni pa sitetasi ya WhatsApp, pokumbukira kuti sitetasi imafufutika pakatha maola 24, motero muyenera kuibwereza. Mukatumiza kudzera pa mndandanda wa `Broadcast`, dziwani kuti uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Pemphani oyang'anira magulu a malonda a Kasungu ndi magulu a makalabu a alimi kuti autumize m'magulu mwawo.

Musanyoze pepala. Sindikizani uthengawo n'kuumata pa khomo la sitolo ndi pa kauntala, ndipo perekani ena kwa ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba amene muli nawo pafupi, chifukwa alimi ambiri amatumiza ndalama kudzera kwa iwo, ndipo ejenti amene wamva nkhaniyi akhoza kufunsa mlimi kuti, "Bambo, mwaimbira kaye ku sitoloko?" Jambulaninso kanema wamfupi kapena mawu, inuyo mutaima kutsogolo kwa sitolo pamene chikwangwani chikuoneka, mukunena mawu omwewo a mu uthenga uja ndi tsiku lake. Zimathandiza amene amavutika kuwerenga, komanso amene amakudziwani nkhope.

M'masiku amenewa muziyang'ana ndemanga za pansi pa zolemba zanu. Akubawa amakonda kuyankha makasitomala amene afunsa mtengo pa tsamba lanu lenileni, n'kuwauza kuti "tabwerani ku inibokosi", kutanthauza ku mauthenga apadera kumene ena saona. Mukaona ndemanga yotere, ijambuleni, ifufuteni, mubuloke woilembayo, ndipo mumuyankhe kasitomalayo poyera.

6. Kaneneni kwa oyenera.

Pa tsamba labodzalo dinani timadontho titatu, musankhe `Report`, kenako chifukwa chonena kuti tsambalo likunamizira kukhala bizinesi ina. Pa WhatsApp mulinso `Report` ndi `Block` mukatsegula zokambirana ndi nambalayo. Pemphani makasitomala ochepa odalirika achite chimodzimodzi, koma muwatumizire linki mwapadera ndipo muwauze kuti asalembe ndemanga kumeneko. Muwaonetsenso bwino tsamba loyenera kulinenera, chifukwa mukangolengeza pagulu kuti "lipotani tsambali", ena amakanenera lanu. Facebook nthawi zina imachedwa, kapena imayankha kuti sinapeze cholakwa. Zikatero nenaninso, koma musadikire yankho lawo kuti muchenjeze anthu.

Nambala yolandirira ndalama ikaperekedwe ku kampani ya foni, ndipo nkhani yonse ikalembetsedwe ku polisi pamodzi ndi umboni wa pa sitepe yachiwiri uja. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu, ndipo dziko lino lilinso ndi lamulo la 2016 lokhudza ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake, limene linakhazikitsa nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti pansi pa bungwe la MACRA. Mukalembetsa ku polisi mukhoza kuonjezera mu uthenga wanu kuti "nkhaniyi taipereka ku polisi". Musalembe mawu amenewa musanapiteko.

7. Yankhani amene aberedwa kale.

Munthu amene wataya K50,000 amabwera ku sitolo kwanu ali wokwiya, ndipo m'maganizo mwake ndalamayo anapatsa inu. Musamuyankhe pamaso pa makasitomala ena kapena m'ndemanga. Mulowetseni mkati kapena mumuimbire. Yambani ndi kumumvera, kenako muonereni limodzi uthenga wotsimikiza uja, kuti aone yekha kuti nambala ndi dzina la wolandira si zanu. Mungathe kunena kuti: "Pepani kwambiri, mayi, ndi zimene zakuchitikirani. Ndalamayi sinafike kwa ife, monga mukuonera pa dzinali. Tiyeni tiimbire kampani ya foni pompano, ndipo umboni umene tili nawo tiupereka pamodzi ndi wanu ku polisi." Kupepesa kotere n'kumva chisoni, sikuvomera ngongole.

Liwiro ndi lofunika pano, chifukwa kampani ya foni ingathe kuchitapo kanthu mosavuta ndalama ikadali mu akaunti ya wolandira, ndipo akuba amaitapa kapena kuisamutsa mwamsanga. Choncho musamulonjeze kuti ndalama ibwera. Musalonjezenso pagulu kuti mubwezera aliyense woberedwa, popeza lonjezo lotere limaitana ena obwera ndi mauthenga opeka. Ngati mwafuna kumuchepetsera mtengo kasitomala wakale chifukwa cha chifundo, chitani zimenezo mwakachetechete.

Muchenjezeninso za chinyengo chachiwiri chimene chimatsatira choyamba. Patapita masiku, wina akhoza kumuimbira n'kunena kuti ndi wa ku sitolo kwanu, wa ku kampani ya foni kapena wapolisi, ndipo kuti ndalama ija yapezeka koma atumize kaye ina yochepa kapena atchule PIN yake. Muuzeni kuti wobweza ndalama safunsa PIN, ndipo salipiritsa kuti abweze.

8. Bwerezani chenjezo, ndipo musafulumire kulengeza kuti zatha.

Tsamba labodza likatsekedwa, lembani uthenga waufupi wokhala ndi tsiku, wonena kuti tsamba lija latsekedwa koma lamulo la kalipiridwe silinasinthe. Pewani mawu akuti "vuto latha", chifukwa munthu amene ali ndi zithunzi zanu akhoza kutsegula lina tsiku lomwelo. Chiganizo cha nambala ndi dzina lotuluka pa foni chiikeni pa malisiti, pa gawo lofotokoza za bizinesi yanu pa WhatsApp, ndi pansi pa malonda alionse amene mukulengeza. Kamodzi pa sabata, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Disembala pamene anthu akugula mbewu ndi feteleza, fufuzani dzina la sitolo yanu pa Facebook ndi pa TikTok pogwiritsa ntchito foni ya wina. Ngati tsiku lina mudzafunika kusintha nambala yolandirira ndalama, yambani mwasintha chikwangwani cha pa sitolo, mulengeze kusinthako masabata angapo nambala yakale isanasiye kugwira ntchito, ndipo mutumize chidziwitsocho kuchokera pa nambala yakaleyo, chifukwa uthenga wakuti "tasintha nambala" wochokera pa nambala yachilendo ndi womwewo umene akuba amatumiza.